Sutikesi yosowa masabata awiri: momwe tinalembera dandaulo ndi mndandanda wa katundu

Ndimagwira ntchito pa ofesi yogulitsa matikiti a ndege ku Lilongwe, ndipo madandaulo a katundu wosowa amafikira pa tebulo langa. Nkhaniyi ndi ya mu 2025. Ndaisankha chifukwa munali zinthu ziwiri zimene anzanga pa ntchitoyi amazidumpha kawirikawiri: zimene zinalembedwa pa fomu ya tsiku loyamba, ndi komwe tikiti inayambira. Dzina la mwini katundu ndi la kampani ya ndege sinditchula.

Chiyambi chake

Mayiwa amakhala ku Britain komwe amagwira ntchito ya unamwino. Anabwera kumudzi kuno ku ukwati wa mng'ono wawo. Tikiti yawo inali imodzi, yopita ndi kubwerera: kunyamuka ku London, kusintha ndege pa bwalo lina la panjira, kufika ku Lilongwe, kenako kubwerera ku London patatha masabata anayi. Anapereka masutikesi awiri. Pa lamba wa katundu panatuluka imodzi. Inayo, yolemera makilogalamu 23, sinaoneke.

Anachita choyenera pa tsikulo. Asanatuluke m'chipinda cholandirira katundu anapita pa kauntala ya katundu wosowa n'kulembetsa fomu yotchedwa PIR. Anawauza kuti sutikesiyo ibwera ndi ndege yotsatira. Kuyambira pamenepo ankaimba foni, tsiku lina kutuma mlongo wawo ku bwalo la ndege, koma yankho linali lomwelo: tikufufuzabe. Ukwati unachitika pa tsiku lachisanu ndi chinayi, iwo atavala diresi yosoketsa mwachangu kwa telala wa ku Area 25. Ku ofesi kwathu anafika pa tsiku la 14, atatumizidwa ndi msuweni wawo amene amagula matikiti kwa ife. Mawu awo oyamba anali akuti, "Achimwene, ine ndatopa ndi kuimba foni. Ndiuzeni chochita." Pa masabata awiri onsewo panalibe kalata kapena imelo ngakhale imodzi imene inapita ku kampaniyo.

Zimene ndinapeza pa mapepala

Ndinawapempha zinthu zinayi: PIR, tikiti yonse, mapepala okwerera ndege, ndi katagi kaja kamene amamata kumbuyo kwa pasipoti kapena kwa pepala lokwerera. Zonse anali nazo. Katagiko n'kofunika kuposa momwe anthu amakaonera, chifukwa ndi umboni woti kampani inalandiradi chikwamacho, ndipo pamakhala nambala imene makina amawerenga pa ulendo wonse.

Pa PIR pamakhala nambala ya fayilo ya zilembo ndi manambala khumi: zilembo zitatu za bwalo la ndege, kwa ife LLW, zilembo ziwiri za kampani, ndi manambala asanu. Fayiloyo imalowa mu WorldTracer, makina a pa kompyuta amene makampani ambiri a ndege amagwiritsa ntchito poyerekeza zikwama zimene anthu akusaka ndi zikwama zimene zapezeka zopanda eni ake. Chikwama chikakhala ndi tagi yake, kuchipeza sikuvuta, ndipo nthawi zambiri chimafika m'masiku ochepa oyambirira. Chikatha masabata awiri osapezeka, ganizo langa loyamba limakhala lakuti tagi inathothoka. Zikatero nambala ija ilibenso ntchito. Chotsala ndi mtundu wa chikwama, kapangidwe kake, dzina la kampani yopanga, ndi zimene zili m'kati.

Apa mpamene ndinaona vuto. Pa mzere wa mtundu ndi kapangidwe panalembedwa BK22, kutanthauza sutikesi yakuda, yoimirira, ya nsalu. Ndinawafunsa ngati ali ndi chithunzi chake. Anafufuza mu foni n'kupeza chimene mwana wawo anajambula pa khomo m'mawa wonyamuka, masutikesi awiri ataimikidwa pafupi ndi galimoto. Yosowayo inali ya buluu woderako, ndipo pa chogwirira panamangidwa kansalu ka chitenje kachikasu. Inayenera kulembedwa BU22. Mayiwo anakumbukira kuti atafunsidwa mtundu, ndi kutopa kwa ulendo wa usiku wonse, anangoti ndi yakuda. Pa malo olembapo za m'kati panali mawu amodzi okha otanthauza zovala. Nambala ya foni imene inalembedwa inali ya ku Britain, imene anaizimitsa atagula laini ya kuno.

Choncho kwa masabata awiri makina ankasaka sutikesi yakuda yokhala ndi zovala, pakati pa zikwama zopanda eni ake zimene zambiri mwa izo n'zakuda komanso zodzaza zovala. Sindinganene kuti ikanapezeka fomuyo ikanalembedwa bwino. Koma mwayi unali wochepa kwambiri, ndipo palibe amene anawerenga fomuyo kachiwiri. Anzanga, munthu akakubweretserani PIR, muiwerenge mzere ndi mzere pamaso pake musanayambe kukamba za ndalama.

Chifukwa cholembera pa tsiku la 14

Mayiwo ankafuna kuti tilembe kalata yoitanitsa chipukuta misozi cha katundu wotayika nthawi yomweyo. Ndinawafotokozera kuti nthawi yake inali isanakwane. Pangano la ku Montreal la 1999, limene limayang'anira maulendo ambiri a ndege opita kunja, limanena pa gawo 17 kuti wokwera angaitanitse malipiro a katundu wotayika kampani ikavomera kuti watayika, kapena pakatha masiku 21 kuchokera tsiku limene katunduyo anayenera kufika. Pa tsiku la 14 sutikesiyo inali yochedwa, osati yotayika. Tikanalemba kuti yatayika, yankho likanakhala lachidule: dikirani.

Komabe kudikira sabata ina tili chete kukanakhala kutaya masiku. Kalata ya tsiku la 14 inali ndi ntchito zitatu. Inayenera kukonzetsa fayilo kuti kusaka kuyambe kuyenda pa njira yoyenera. Inayenera kuitanitsa ndalama zimene mayiwo anawononga kale chifukwa cha kuchedwako, zimene gawo 19 limalola popanda kudikira masiku 21. Ndipo inayenera kuika mndandanda wa katundu m'manja mwa kampani msanga, kuti tsiku la 21 likakwana pasakhale kuyambiranso. Palinso china chimene ambiri sadziwa: PIR ndi lipoti loti chikwama sichinafike, si dandaulo. Makampani ambiri amalemba zimenezi pa fomu pomwepo m'zilembo zing'onozing'ono. Chikwama chochedwa chikadzafika, dandaulo lolemba liyenera kupita pasanathe masiku 21 kuchokera tsiku lochilandira, ndipo chikafika chowonongeka masiku ake ndi 7 okha. Amene anangodalira PIR ndi mafoni amapezeka kuti masikuwa amudutsa.

Mndandanda

Pa mndandanda mpamene tinakhalitsa, masana onse. Poyamba mayiwo anatchula zinthu zisanu n'kunena kuti zonse pamodzi zinali za mapaundi pafupifupi 2,000. Ndinawapempha kuti asiye kaye za mtengo, atseke maso, ayambe kulongedzanso sutikesiyo m'maganizo kuyambira pansi. Pansi panali nsapato, m'kati mwa nsapato anabisamo mabotolo a mafuta onunkhira kuti asasweke, pamwamba pake zovala za ana, suti ya bambo awo pamwamba penipeni m'thumba lake la pulasitiki. Njira imeneyi imatulutsa zinthu zimene munthu anaiwala, komanso imachotsa zimene ankaganiza kuti zinali m'menemo pamene zinali mu sutikesi inayo. Jekete imene ankailira kwambiri inapezeka kuti ili pa chingwe choyanikira kwa amayi awo ku Mitundu.

Chinthu chilichonse tinachipatsa mzere wake: n'chiyani, mtundu ndi saizi, zingati, chinagulidwa liti, pa mtengo wanji, ndi umboni umene ulipo. Malisiti ambiri anali mu imelo yawo chifukwa anagula pa intaneti. Pamene panalibe lisiti tinagwiritsa ntchito sitetimenti ya ku banki. Mwachidule unatuluka motere:

Sutikesi ya buluu woderako, ya nsalu, mateyala anayi, yogulidwa 2023: £85, sitetimenti ya ku banki
Diresi ya ku ukwati, yobiriwira, yatsopano: £140, lisiti
Suti ya bambo, yotuwa, yatsopano: £160, lisiti
Nsapato zachimuna zachikopa, zofiirira, saizi 9, zatsopano: £65, lisiti
Nsapato zachikazi, mapeyala 2: £90, lisiti ya peyala imodzi
Zovala za ana, 12, zatsopano: £110, malisiti
Zovala zawo zovalidwa kale, 15, za chaka chimodzi mpaka zitatu: £210, palibe malisiti
Mafuta onunkhira, mabotolo 2: £95, palibe lisiti
Makina oyezera kuthamanga kwa magazi: £40, lisiti
Foni yatsopano m'bokosi mwake: £130, lisiti yokhala ndi nambala ya IMEI
Zodzola ndi za m'bafa: £45, palibe lisiti

Zonse pamodzi £1,170. Mu kalata yeniyeni zovala 15 zija tinazilemba chimodzichimodzi, ndi dzina la kampani yopanga pamene analikumbukira.

Mayiwo anakhumudwa poona kuti chiwerengero chatsika kuchoka pa 2,000. Ndinawauza kuti mndandanda umene ungaime pa mafunso ndi wamphamvu kuposa waukulu umene ungagwe pa funso loyamba. Ogwira ntchito ku ofesi za madandaulo amaona mindandanda tsiku ndi tsiku. Amayerekeza katundu wolembedwa ndi kulemera kumene kunalembedwa pa sikelo, ndipo munthu akalemba zinthu zosatheka kukwana m'makilogalamu 23, amayamba kukayikira mzere uliwonse. Palinso mwayi woti chikwama chipezeke n'kutsegulidwa. Zikatero zimene zili m'kati ziyenera kufanana ndi zimene munasainira.

Panali zinthu ziwiri zimene tinakambirana kwa nthawi. Choyamba chinali envulopu ya £200, ndalama za pelekanipelekani zimene anzawo a ku tchalitchi anawapatsira, imene anailowetsa m'thumba la m'kati mwa suti. Ndinawakhulupirira, ndipo ndikuwakhulupirirabe. Koma panalibe pepala lililonse losonyeza kuti ndalamazo zinalowa mu sutikesi, ndipo malamulo a makampani a ndege amaletsa kuika ndalama m'katundu wopita pansi pa ndege. Ndinawauza kuti ali ndi ufulu wozilemba, koma kuti mwayi wolipidwa ndi wochepa, ndipo zingachedwetse zina zonse. Anasankha kuzisiya, ndipo zinawapweteka. Chachiwiri chinali foni. Nayonso makampani amaiika m'gulu la zinthu zosayenera kupita pansi pa ndege, koma iyi inali ndi lisiti ya masiku atatu ulendo usanachitike. Tinailemba, tikudziwa kuti padzakhala mkangano.

Pa pepala lina tinalemba zinthu zozindikirira chikwamacho: kansalu kachikasu pa chogwirira, makina oyezera magazi m'bokosi loyera, suti yotuwa m'thumba lake, nsapato zofiirira saizi 9. Wosaka chikwama chopanda tagi sawerenga mitengo. Amatsegula zipi n'kuona zimene zili pamwamba ndi zimene n'zachilendo. Makina oyezera magazi amamuthandiza kwambiri kuposa malaya khumi.

Pepala lachitatu linali la zimene anagula kuno: zovala zosinthira, za m'bafa, nsalu ndi malipiro a telala, zonse K345,000, pafupifupi £150 pa mtengo wa ku banki wa masiku amenewo. Telala analibe malisiti osindikiza. Mlongo wawo anapita kukamupempha kuti alembe pa pepala tsiku, ntchito, mtengo ndi nambala yake ya foni, n'kusaina. Pepalalo linalandiridwa.

Kalata

Tinailemba m'Chingerezi, tsamba limodzi, m'dzina la mayiwo ndi siginecha yawo. Pamwamba panali nambala ya fayilo, nambala ya tagi, nambala ya tikiti, manambala a ndege ndi tsiku lofika. Ndime yoyamba inanena zimene zinachitika m'ziganizo zitatu, popanda mawu olalata. Za ukwati tinazitchula kamodzi kokha, pofotokoza chifukwa chosoketsera diresi. Kenako zopempha: kuti fayilo ikonzedwe kukhala BU22 ndipo nambala ya foni ya kuno ndi zozindikirira zilowetsedwe; kuti atiuze molemba malo omaliza amene tagi inawerengedwa; kuti abweze K345,000; ndi kuti chikwama chikapanda kufika pa tsiku la 21, limene tinalemba deti yake, kalata yomweyi ikhale dandaulo la katundu wotayika wa £1,170. Tinapempha yankho m'masiku 7.

Funso la malo omaliza sitinalifunse mwachisawawa. Chigamulo nambala 753 cha IATA, bungwe la makampani a ndege a padziko lonse, chimene chinayamba kugwira ntchito mu Juni 2018, chimafuna kuti makampani azilemba chikwama pa malo anayi: pochilandira, pochikweza m'ndege, pochisinthitsa ndege, ndi pochipereka kwa mwini wake. Kampani ikafunsidwa molemba imakakamizika kuyang'ana, ndipo yankho lake limauza osaka kuti ayang'ane m'nyumba yosungira katundu ya bwalo liti.

Tinatumiza kudzera pa fomu ya madandaulo ya pa intaneti n'kusunga nambala imene inabwera, tinatumizanso pa imelo, ndipo kope la papepala ndinalipereka ku ofesi ya kampaniyo m'tauni n'kudinditsa chidindo cha tsiku pa kope lathu. Malisiti enieni ndi katagi kaja anatsala ndi mayiwo. Kunapita zithunzi zokha.

Zimene zinatsatira

Pa tsiku la 17 kunabwera imelo yoti fayilo yakonzedwa, ndiponso yoti tagi inawerengedwa komaliza potsitsa katundu pa bwalo losinthira ndege. Pokweza ndege yobwera kuno sinawerengedwe. Pa tsiku la 19 anatumiza chithunzi cha sutikesi ya buluu yopanda tagi imene inali pa bwalo lomwelo. Mayiwo anaiyang'ana kwa nthawi yaitali n'kunena kuti si yawo: inali ya mateyala awiri, ndipo m'kati munali mabuku a sukulu. M'masabata awiri oyamba kunalibe ngakhale chithunzi chimodzi, ndipo ichi chinabwera patangopita masiku awiri fayilo itakonzedwa. Tsiku la 21 linadutsa. Tsiku lotsatira tinatumiza imelo ya ziganizo ziwiri yokumbutsa kuti dandaulo la katundu wotayika layamba kugwira ntchito. Mayiwo anabwerera ku Britain, atasaina kalata yondilola kutsatira nkhaniyi m'malo mwawo.

Patapita masabata atatu kunabwera yankho limene linatembenuza nkhani yonse. Kampani inavomera kuti sutikesiyo yatayika, n'kupereka madola 460. Kalata yawo sinatchule mndandanda wathu n'komwe. Chiwerengerocho ndinachizindikira msanga: makilogalamu 23 kuchulukitsa ndi madola 20. Uku ndi kuwerengera kwa pangano lakale la ku Warsaw la 1929, limene limalipira potengera kulemera kwa katundu, osati mtengo wake. Wolemba kalatayo anangoona kuti fayilo inatsegulidwa ku Lilongwe n'kutenga ulendowo ngati wothera kuno.

Pangano limene likugwira ntchito silisankhidwa potengera komwe chikwama chinasowera, kapena dziko la kampani, kapena pasipoti ya wokwera. Limasankhidwa potengera malo onyamukira ndi malo othera amene ali pa tikiti. Pa tikiti yopita ndi kubwerera, malo othera ndi omwe aja onyamukira. Gawo 1 la pangano la ku Montreal limanena kuti ulendo woyambira ndi kuthera m'dziko limodzi limene lili m'panganoli, wokhala ndi malo oima m'dziko lina, uli pansi pa panganoli ngakhale dziko loimamo lisakhale m'panganomo. Tikiti ya mayiwa inayambira ku London n'kuthera ku London, ndipo Britain ili m'panganoli. Lilongwe inali malo oima chabe. N'chifukwa chake ndinapempha tikiti yonse pa tsiku loyamba, osati pepala lokwerera ndege yomaliza lokha.

Pansi pa pangano la ku Montreal malire si a pa kilogalamu. Ndi a wokwera mmodzi, katundu wake yense pamodzi, ndipo amawerengedwa mu SDR, muyezo wa ndalama wa bungwe la IMF. Kuyambira pa 28 Disembala 2024 malirewo ndi 1,519 SDR, pafupifupi £1,500 pa nthawiyo. Kale anali 1,288, ndipo chiwerengero chakalechi chimapezekabe m'makalata ena. Malirewa si ndalama imene aliyense wotaya chikwama amalandira. Munthu amalipidwa zimene wasonyeza kuti wataya, osapitirira pamenepo, pokhapokha ngati analengeza mtengo wapadera popereka katundu n'kulipira ndalama yowonjezera. Zathu zonse, £1,170 ndi £150, zinali £1,320, pansi pa malire. Chenjezo kwa anzanga: musatengere kalata iyi pa tikiti iliyonse. Tikiti yoyambira kuno, kapena yongopita yokha, ili ndi malo ena onyamukira ndi othera, ndipo muyenera kuyang'ana maiko onsewo pa mndandanda wa maiko amene ali m'mapanganowa, wosungidwa ndi ICAO, bungwe la United Nations loona za ndege, musanatchule pangano lililonse.

Tinakana madola 460 molemba, ndipo ndinawachenjeza mayiwo kuti asasaine fomu yolandirira imene inabwera nawo, chifukwa inali ndi mawu oti akalandira nkhani yatha. Kalata yathu yachiwiri inali yaifupi: chithunzi cha tikiti titalemba mzere pansi pa London poyambira ndi pothera, gawo 1, malire atsopano, ndi mndandanda womwe uja osasintha kalikonse. Tinawonjezera kuti pakapanda yankho lomveka pofika masabata asanu ndi atatu kuchokera pa dandaulo, mayiwo adzatengera nkhaniyi ku bungwe loyang'anira za ndege la ku Britain, CAA, kapena kwa amkhalapakati amene kampaniyo inalembetsako. Njira ya khoti inalinso yotsegula kwa zaka ziwiri kuchokera tsiku limene ndege inafika.

Yankho lachiwiri linachokera ku likulu, ndipo ulendo uno linatsata mndandanda mzere ndi mzere. Zatsopano zonse za malisiti, kupatula foni, anazivomera pa mtengo wake. Zovala zovalidwa kale anazidula pakati, kuchoka pa £210 kufika pa £105. Sutikesi anaiika pa £60, mafuta onunkhira pa £50. Ndalama zowonongedwa kuno anavomera zonse. Foni anaikana, potchula malamulo awo onyamulira katundu.

Pa zovala, sutikesi ndi mafuta ndinawalangiza mayiwo kuti avomere. Chovala cha zaka ziwiri sichili pa mtengo wa m'sitolo, ndipo pa mafuta tinalibe pepala. Pa foni ndinaona kuti tili pabwino. Gawo 26 la panganoli limati mawu alionse a pa tikiti ofuna kuchotsera kampani udindo umene panganoli laika, kapena kutsitsa malire ake, ndi opanda mphamvu. Foniyo sinasweke chifukwa cholongedzedwa molakwika. Inasowa pamodzi ndi sutikesi yonse ili m'manja mwa kampani. Tinalemba zimenezi m'ndime imodzi n'kuphatikizanso lisiti. Anavomera popanda kufotokoza zambiri.

Ndalama zonse zinakwana £1,145: £995 za katundu ndi £150 za zogula kuno. Zinalowa mu akaunti yawo ya ku Britain patatha pafupifupi miyezi itatu kuchokera tsiku lofika ku Lilongwe. Tinasankha akaunti ya kumeneko chifukwa katundu anagulidwa m'mapaundi ndipo ankafunika kugulidwanso m'mapaundi. Sutikesiyo sinapezeke. Tisanatseke fayilo tinapempha kampani kulemba kuti ikadzapezeka adzawadziwitse mayiwo, ndipo inavomera.